Chifukwa chomwe mabatire ndi zopopera zimaimitsira katundu panjira

Maofesi a boma omwe amaitanitsa zipangizo kuchokera kunja nthawi zina amalandira uthenga woti katundu wawo waimitsidwa asanakwere n'komwe ndege. Ambiri amathamangira kuganiza kuti nkhani ndi ya msonkho, koma kawirikawiri bungwe lotolera msonkho la MRA limakhala lisanamuone katunduyo. Chomwe chimakhala chachitika n'chakuti m'bokosimo mwapezeka chinthu chomwe malamulo a zandege amachiika m'gulu la katundu woopsa.

Malamulowa amakhazikitsidwa ndi bungwe loona za maulendo a pandege padziko lonse la ICAO, ndipo gawo lomwe limasokoneza anthu kwambiri ndi la mabatire a lithiyamu, omwe ali m'mafoni ndi m'malaputopu. Batire lotere likaphwanyika kapena kutentha kwambiri limayaka lokha ndi kuyatsa anzake oyandikana nalo, ndipo moto wake ndi wovuta kuuzimitsa. Pa 3 Sepitembala 2010, ndege yonyamula katundu ya kampani ya UPS idagwa ku Dubai moto utabuka m'katundu momwe mudali mabatire ochuluka, ndipo oyendetsa ake onse awiri adamwalira. Kuyambira pa 1 Epulo 2016, ICAO idaletsa kutumiza mabatire ochajidwa a lithiyamu ali paokha ngati katundu m'ndege zonyamula anthu. Amaloledwa m'ndege za katundu zokha, moto wake usapitirire 30 peresenti.

Lamuloli limatikhudza kwambiri kuno kaamba koti mitokoma yambiri yofika pa bwalo la ndege la Kamuzu ndi la ku Chileka imabwera m'mimba mwa ndege zonyamula anthu.

Tiyerekeze kuti ofesi ina yaitanitsa malaputopu awiri, mapawa banki atatu ndi chitini chimodzi cha mankhwala opopera otsukira makompyuta, ndipo wogulitsa walongedza zonsezi m'bokosi limodzi. Malaputopu alibe vuto. Batire lili m'kati mwa chipangizo, lomwe nambala yake ndi UN3481, limaloledwa popanda zovuta zambiri ngati mphamvu yake siyikupitirira 100 Wh, ndipo la laputopu wamba limakhala pansi pa malirewo. Pa pawa banki pamalembedwa mAh, choncho pofuna kupeza Wh timachulukitsa nambalayo ndi mavoti a batire ndi kugawa ndi 1,000. Ya 20,000 mAh pa 3.7 V imatuluka 74 Wh.

Apa ndi pomwe ambiri amanyengeka, poganiza kuti poti 74 ndi yochepa kwa 100 ndiye kuti zonse zili bwino. Malamulo saona pawa banki ngati chipangizo koma ngati batire lili palokha, lomwe nambala yake ndi UN3480, ndipo silikwera ngati katundu m'ndege ya anthu ngakhale litachepa motani. Batire lapadera la laputopu lomwe latumizidwa popanda laputopu yake lilinso m'gulu lomweli.

Chitini chopopera chija, cha nambala UN1950, chili ndi mpweya wopanikizidwa womwe nthawi zambiri umayaka, ndipo chikatentha chitha kuphulika. Pa zamadzimadzi, chomwe amayang'ana ndi ngati nthunzi yake itha kugwira moto pa madigiri 60 kapena kutsika apo. Ichi n'chifukwa chake perefyumu, sanitaiza ndi penti wina amakanidwa kapena kufuna zikalata zapadera. Makampani ena amakana zamadzimadzi zilizonse poopa kuti zikatayikira ziononga katundu wa anthu ena, ndipo ali ndi ufulu woika malamulo okhwima kuposa a ICAO.

Makina ounikira katundu akaona zinthuzi, bokosi lonse limaima pamodzi ndi malaputopu osalakwa aja. Likatero limatha kubwezedwa kwa wogulitsa kapena kusungidwa mpaka mwini wake atalipira kuti alilongedzenso, pomwe zoletsedwazo nthawi zina zimaonongedwa. Mchitidwe wa ogulitsa ena wolemba kuti m'bokosi muli "mphatso" pofuna kuzemba malamulowa ndi woipitsitsa, chifukwa kubisa katundu woopsa ndi mlandu.

Ofesala woona zogula katundu angapewe zonsezi asanasaine oda. Pa mankhwala, apemphe chikalata chotchedwa SDS ndi kuyang'ana gawo 14, pomwe pamalembedwa nambala ya UN ngati katunduyo ndi woopsa paulendo. Pa mabatire, apemphe chikalata chosonyeza kuti adayesedwa motsatira UN 38.3, chomwe opanga ndi ogulitsa akhala akuyenera kupereka kuyambira pa 1 Januwale 2020. Akatero agawe oda pawiri: malaputopu abwere pandege, pomwe mapawa banki ndi zopopera zidzere pa ndege ya katundu yokha, pamsewu, kapena panyanja kudzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam. Njira ya panyanja imatenga masabata angapo, choncho nthawiyo iwerengeredwe mu mgwirizano ndi wogulitsa.