Zaka zitatu za phindu sizitsimikiza luso

Wosamalira ndalama za anthu akakuonetsani pepala la phindu la zaka zitatu, mufunseni kaye kuti phindulo linkadumphadumpha motani. Akatswiri amayeza zimenezi ndi muyeso wa Sharpe, umene William Sharpe wa ku Amerika anautulutsa mu 1966. Amatenga phindu la pachaka, n'kuchotsapo chiwongoladzanja chimene mukanapeza mutangobwereketsa boma ndalamazo. Chotsalacho amachigawa ndi kukula kwa kukwera ndi kutsika kwa phindulo.

Tiyerekeze kuti thumba lina la masheya limapindula 12 peresenti pachaka, pamene boma limapereka 4. Chotsala ndi 8. Ngati phindulo limapendekera uku ndi uku ndi 16 peresenti, muyeso wake ndi 0.5. Nambala yabwino ndithu. Koma kodi ndi luso, kapena mwayi chabe?

Kuwerengera kwake, kumene Andrew Lo anakufotokoza mwatsatanetsatane mu 2002, kumaonetsa kuti umboni umakula mwaulesi. Kuti kukayika kuchepe ndi theka, zaka ziyenera kuchuluka kanayi. Pakatha zaka 4, muyeso wa 0.5 uja ungaphonye ndi 1 mbali iliyonse, kutanthauza kuti weniweniwo uli penapake pakati pa -0.5 ndi 1.5. Mwini thumbayo angakhale kadaulo, angakhalenso munthu amene akungokuwonongerani ndalama, ndipo pepala lake silingakuuzeni. Pakatha zaka 16, mpatawo umachepa n'kukhala 0 mpaka 1. Apa m'pamene mungayambe kunena kuti mwina si mwayi wokha.

Lamulo lachidule ndi ili:

```
zaka = (2 / Sharpe)^2
```

Muyeso wa 1 umafuna zaka 4, ndipo wa 0.4 umafuna 25. Ngakhale kampani ya Warren Buffett, imene ofufuza anapeza kuti muyeso wake unali 0.76 kuchokera mu 1976 mpaka 2011, ikanafunika zaka pafupifupi 7 kuti ingosonyeza kuti ikuposa mwayi. Ndiye wa zaka zitatu uja akudzitama ndi chiyani?

Wina adzati: “Ine ndili ndi mitengo ya tsiku ndi tsiku, manambala ndi ambirimbiri.” Sizithandiza kwenikweni. Robert Merton anaonetsa mu 1980 kuti kuyang'ana mitengo pafupipafupi kumakudziwitsani bwino za kudumphadumpha, koma osati za phindu lenileni. Phindu limadziwika ndi kutalika kwa nthawi basi. Kuduladula chaka m'zidutswa 250 sikuchisandutsa zaka ziwiri.

Amene amagula ndi kugulitsa kawirikawiri amawerenga malonda m'malo mwa zaka. Ngati munthu amapambana ka 55 pa malonda 100 aliwonse, ndipo chimene amapeza akapambana n'chofanana ndi chimene amataya akaluza, afunika malonda pafupifupi 400 kuti asiyane ndi woponya khobidi m'mwamba. Koma malondawo akhale osadalirana. Kugula masheya a mabanki khumi tsiku limodzi, pa chifukwa chimodzi, kuli pafupi kwambiri ndi malonda amodzi kusiyana ndi khumi. Ndiponso ngati anayesa njira zambiri pakompyuta n'kukuonetsani yopambana yokha, 400 uja sakwananso.

Vuto lalikulu, kwa ine, lili pa njira zimene zimatola phindu laling'ono mwezi ndi mwezi, ngozi yake n'kumabwera kamodzi patalipatali. Lamulo lija limaganiza kuti zaka zimene mwaona zikufanana ndi zimene simunaone. Thumba la Long-Term Capital Management la ku Amerika linayamba mu 1994, ndipo pakati pa eni ake panali Merton yemwe uja ndi Myron Scholes, amene onse analandira mphoto ya Nobel mu 1997. Mu 1995 ndi 1996 linapindula pafupifupi 40 peresenti chaka chilichonse, phindu likubwera mosadumphadumpha kwambiri. Pa lamulo lathu likanakhoza mayeso mosavuta. Mu Ogasiti 1998 boma la Russia linalephera kubweza ngongole zake, misika inasokonekera, ndipo thumbalo linataya madola pafupifupi 4.6 biliyoni m'miyezi yosakwana inayi. Linkayendera ngongole zochuluka kuposa chuma chake kangapo konse, koma m'zaka zinayi zoyambazo simunagwe chimphepo choti chiulule zimenezo.

Choncho powerenga pepala lija, onani ngati zakazo zikuphatikiza nyengo imene msika unagwa kwambiri, monga 2008, ndipo mufunse mwezi woipitsitsa kuti anataya zingati. Ngati miyezi pafupifupi yonse ndi yaphindu, funsaninso kuti ndalama zobwereka ndi zingati pa dola iliyonse ya eni thumba. Ku Long-Term Capital Management, kumayambiriro kwa 1998, zinali pafupifupi madola 25.