Mapu a m'kamwa: kumene mavawelo amakhala

Mwana wa zaka zisanu amati "phikira" ndi "gulira", koma akafika pa kulemba ndi kugona amati "lembera" ndi "gonera". Palibe amene anamukhazika pansi kumuphunzitsa zimenezi. Chinsinsi chake chagona pa malo amene lilime limakhala potchula mavawelo, aja kusukulu amati malembo a liwu.

Munthu akamatchula i, e, a motsatizana atagwira chibwano, amamva nsagwada zikutsika pang'onopang'ono. Pa i lilime limakwera mpaka kuyandikira kumwamba kwa m'kamwa, pa e limakhala pakati, pa a limagona pansi. Akatchula i kenako u, lilime silitsika ayi, limangobwerera kumbuyo, milomo n'kuchita ndungu ngati ya munthu wokoleza moto. Akatswiri amayeza vawelo ndi zinthu zitatu zimenezi: kukwera kwa lilime, kutsogolo kapena kumbuyo kwake, ndi kaumbidwe ka milomo.

Daniel Jones, katswiri wa katchulidwe ka mawu wa ku London, ndiye anakhazikitsa mavawelo asanu ndi atatu oyezera ena onse, ndipo anawajambula pa mbale ya galamafoni mu 1917. Mavawelowo amaikidwa pa chithunzi cha ngodya zinayi, chooneka ngati m'kamwa mwa munthu amene wayang'ana kumanzere. Pamwamba kumanzere pamakhala i, pamwamba kumanja u, ndipo mavawelo otchulidwa kukamwa kuli yasa amakhala pansi. Mzere wapamwamba ndi wautali kuposa wapansi, chifukwa nsagwada zikatsika lilime limasowa mpata wokwanira woyendera kutsogolo ndi kumbuyo.

Mavawelo asanu a Chichewa akaikidwa pamenepo, nkhani ya mwana uja imamveka yokha. E ndi o ali pa msinkhu umodzi, wapakati, ngakhale wina ali kutsogolo wina kumbuyo. Tsinde la mneni likakhala ndi mmodzi mwa awiriwa, limakoka -era. Likakhala ndi i, u kapena a, limatenga -ira, n'chifukwa chake kusamba kumabala "sambira". Lamulo lomweli ndi limene limasiyanitsa "phikitsa" ndi "lembetsa".

Milomo ilibe mbali yakeyake pa chithunzichi. Zizindikiro zimangolembedwa ziwiriziwiri, ndipo chakumanja ndicho cha milomo yozungulira. M'Chichewa o ndi u okha, onse akumbuyo, ndiwo amazunguza milomo, koma zilankhulo zina sizitero. Mfalansa potchula "tu" amaika lilime pa malo a i, milomo ili pa u. Mchewa wophunzira Chifalansa amakonda kulibweza lilime kumbuyo, mawu aja n'kumveka ngati "tout", omwe tanthauzo lake ndi lina. Mankhwala ake ndi kutchula i motalikitsa, lilime osalisuntha, kenako n'kuzunguza milomo yokha.

Chithunzichi chili ndi malire ake. Zithunzi za ekisileyi zinaonetsa kuti lilime silikhala ndendende pamene madontho aja alili, ndipo akatswiri ngati Peter Ladefoged anatsindika kuti chimafotokoza bwino zimene khutu limamva kusiyana ndi zimene lilime limachita.