Kalata yodandaula za sipekitirofotomita yosuntha manambala

Sipekitirofotomita ndi makina a mu labotale oyezera kuchuluka kwa kuwala kumene madzi kapena mankhwala amamwa. Choyezedwacho chimathiridwa m'kabotolo ka ngodya zinayi kotchedwa kyuveti, kuwala kwa mtundu umodzi kumadutsa sentimita imodzi ya madziwo, ndipo diso lamagetsi la mkati limawerenga kuwala kotsala. Chinthu chofufuzidwa chikachuluka m'madzimo, nambala ya pa sikirini imakwera. Umu ndi momwe amayezera fosifeti m'madzi akumwa kapena shuga m'magazi.

Limodzi mwa mavuto ozunguza pa makinawa ndi loti nambala imayenda yokha. Munthu amaika ziro, sakhudza kalikonse, koma pakutha kwa ola sikirini ikuonetsa zina. Makinawo akuyaka bwinobwino, sakulira, sakununkha kupsa. Nchifukwa chake kalata yopita kwa amene anagulitsa makinawo, yopempha kuti awakonze mwaulere malinga ndi waranti, imavuta kulemba kusiyana ndi ya makina ofa. Wogulitsa akawerenga mawu oti "makina athu sakuwerenga bwino", amayankha ndi mafunso, ndipo masabata amatha makalata akungopita ndi kubwera.

Mafunsowo sakhala achipongwe, chifukwa nthawi zambiri cholakwa chimakhala cha mu labotale momwemo. Nyale ya makinawa imafuna kutenthedwa kwa mphindi 30 kapena kupitirira isanakhazikike, ndipo woyeza mothamanga m'mawa amaona manambala akusuntha pa makina abwinobwino. Kyuveti yokhala ndi zidindo za zala, tithovu tomata m'mbali mwake, madzi ozizira ochokera mu firiji amene amachititsa thukuta pa galasi, mankhwala amene mtundu wake ukanakhwima, zonsezi zimasuntha nambala. Palinso dzuwa lolowera pa windo nkumawomba makina, ndi magetsi okwera ndi kutsika, makamaka pomwe jenereta imalowa m'malo magetsi akathima. Kalata yabwino imasonyeza kuti zonsezi zachotsedwa kale.

Njira yake ndi yapafupi. Makina amayatsidwa kwa ola lathunthu. M'chipinda cha kyuveti simuikidwa kanthu, chivindikiro chimatsekedwa, ziro amaikidwa pa 500 nm, kenaka nambala imalembedwa mphindi khumi zilizonse kwa ola lina. Popeza mulibe kyuveti kapena mankhwala, kusuntha kulikonse ndi kwa makina eniake kapena kwa malo omwe ali. Kutentha kwa chipinda kumalembedwa poyamba ndi pomaliza, ndipo ngati makinawo amadyera pa chipangizo chokhazikitsa mphamvu ya magetsi, zimenezo zimatchulidwa.

Tiyerekeze labotale yoyeza madzi imene yachita zimenezi. Pa mphindi 10 sikirini yaonetsa 0.004, pa mphindi 30 yaonetsa 0.011, pa mphindi 60 yafika 0.021, kukwera kokhakokha osabwerera. Buku la makinawo likulonjeza kuti kusuntha sikupitirira 0.002 pa ola. Ndiye kuti makinawo apitirira malire ake kakhumi ndi kupyola, ndipo chiganizo chimenechi, chokhala ndi tsamba la buku pomwe lonjezolo lalembedwa, ndicho mtima wa kalata yonse. Nambala ya 0.021 imaoneka yochepa, koma kulemera kwake kumadalira chomwe chikuyezedwa. Madzi oyenera kuwerenga 0.800 angalakwike ndi magawo osakwana 3 pa 100. Madzi a fosifeti wochepa oyenera kuwerenga 0.150 adzawerenga 0.171, kulakwa kwa magawo 14 pa 100. Kalata ikanena zimenezi m'mzere umodzi, wogulitsa amamvetsa chifukwa chake nkhaniyi singadikire.

Pali chiyeso chachiwiri chimene ambiri amachidumpha, chikhalirecho ndi chomwe chimaloza amene adzalipire. Makina ambiri oyeza kuwala kooneka ndi kosaoneka komwe amakhala ndi nyale ziwiri. Ya diteriyamu imagwira ntchito kuyambira cha pa 190 nm kufika cha pa 340 nm, ndipo ya tangisiteni imatenga kuchokera pamenepo kupita m'mwamba. Chiyeso chija chikabwerezedwa pa 250 nm, nyale inayo ndiyo imakhala pa ntchito. Ngati nambala ikusuntha pa 250 nm pokha, wokayikiridwa woyamba ndi nyale ya diteriyamu. Ngati ikusuntha pa 500 nm pokha, ndi ya tangisiteni. Ikasuntha ponse pawiri mofanana, vuto liyenera kukhala pa zomwe nyale ziwirizo zimagawana: diso lamagetsi, magalasi a mkati, kapena bolodi yamagetsi.

Kusiyanitsaku kuli ndi ndalama mkati. Waranti ya makina otere nthawi zambiri ndi ya miyezi 12, koma nyale zimawerengedwa ngati zinthu zotha ndi ntchito, monga matayala a galimoto, ndipo kawirikawiri sizilowa mu warantiyo kapena zimakhala ndi malire a maola. Nyale ya diteriyamu imakhala maola 1,000 mpaka 2,000 malinga ndi mtundu wake. Makina ambiri amasunga okha maola omwe nyale yayaka, choncho nambalayo iyenera kukopedwa m'kalata. Nyale imene yayaka maola 300 okha imatsekereza yankho losavuta loti "gulani nyale ina". M'chitsanzo chija, ngati pa 250 nm nambala inafikanso 0.019, kalata inganene mosaopa kuti kusunthaku kukuoneka pa nyale zonse ziwiri. Isapitirire pamenepo nkugamula kuti bolodi yapsa. Kupeza chovuta ndi ntchito ya mmisiri wa kampani, ndipo wolemba akalosera molakwa, mmisiriyo amabwera atanyamula chipangizo cholakwika.

Kalatayo payokha imakwana tsamba limodzi. Pamwamba pamakhala mtundu wa makina ndi nambala yake ya siriyo, zokopedwa ndendende kuchokera pa kachitsulo ka kumbuyo, nambala ya invoyisi, tsiku logula ndi tsiku lomwe makinawo anakhazikitsidwa. Masiku awiriwa afunika onse, chifukwa waranti ina imayamba pa tsiku lotumiza katundu, ina pa tsiku lomukhazikitsa, ndipo katundu wochokera kunja amatha kukhala nthawi yaitali pa njira. Kenaka pamabwera tsiku lomwe vutolo linayamba kuoneka, tebulo la manambala a ziyeso ziwiri zija, ndi zomwe zayesedwa kale. Uthenga uliwonse wa vuto umene unatuluka pa sikirini umalembedwa momwe unaonekera, osaumasulira. Nkoyeneranso kunena kuti chikuto cha makina sichinatsegulidwepo, pakuti kumasula zomangira zake popanda chilolezo kumathetsa waranti pa makampani ambiri.

Pempho limakhala lolunjika: kuti makinawo akonzedwe pansi pa waranti, kuti kampani inene ngati mmisiri abwera kapena makina atumizidwe, amene alipire ulendowo, ndi tsiku loyembekezera yankho. Makina sayenera kutumizidwa kampani isanapereke nambala yobwezera katundu, imene pa mafomu imalembedwa RMA. Makampani ambiri amafunanso chikalata chotsimikiza kuti makinawo ayeretsedwa ku magazi kapena mankhwala oopsa, apo ayi amisiri sawagwira.

Podikira yankho, labotale imene singaime imaika ziro mobwereza pakati pa zoyezedwa zochepa zilizonse, nkumayezanso madzi a mlingo wodziwika kuti ione ngati zotsatira zikudalirika. Makinawo akabwerako, chiyeso chija cha chipinda chopanda kanthu chimachitidwanso pa 500 nm ndi pa 250 nm, ndipo fomu yovomereza kuti ntchito yatha imasainidwa pokhapokha manambala atalowa m'malire a m'buku.