Mayankho Ayambe Adikira: Sabata Imodzi ndi Mapepala Ojambulidwa pa Foni

Nyengo ya mayeso a MANEB ikamayandikira, mafoni a m'makomo ambiri amadzaza ndi zithunzi za mapepala a mafunso. Wina wajambula pepala la mayeso a chaka chatha, wina wajambula ntchito imene aphunzitsi a kusukulu ina anapereka, ndipo zonse zimayenda pa WhatsApp kuchoka kwa mnzake kupita kwa msuweni mpaka kufika kwa mwana wa Fomu 4 amene kusukulu kwake buku limodzi amagawana anthu angapo. Kawirikawiri chithunzi cha mafunso chimabwera chotsatizana ndi cha mayankho. Vuto limayambira pamenepo. Wophunzira amawerenga funso, n'kukankha chala, n'kuona yankho, n'kugwedeza mutu kuti zamveka. Pakutha ola limodzi wadutsa mapepala anayi koma sanalembe kanthu.

Kumva yankho la munthu wina ndi kulitulutsa wekha m'mutu ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo m'chipinda cha mayeso mumafunika yachiwiriyo. Mu 2006, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a ku Washington University mumzinda wa St. Louis ku America anapatsa ophunzira a payunivesite nkhani zazifupi kuti awerenge. Kenako nkhani zina anaziwerenganso kachiwiri, pamene zina anauzidwa kuti alembe zonse zimene akuzikumbukira osayang'ana. Atayesedwa patangodutsa mphindi zisanu, kuwerenga kawiri kunapambana: anakumbukira mfundo 81 pa 100, kuyerekeza ndi 75. Koma patatha sabata zinthu zinatembenuka. Zowerenga kawiri zija zinatsika kufika pa 42, pamene zodziyesa zinali pa 56. N'chifukwa chake kuwerenga mayankho kumanyenga: usiku womwewo munthu amadzimva kuti wadziwa, ndipo sakunama, koma chidziwitsocho sichikhalitsa.

Dongosolo la sabata imodzi limene likufotokozedwa pano laima pa lamulo limodzi lokha. Wophunzira saloledwa kuona yankho asanalembe lake, ngakhale lolakwika.

Ntchito imayamba Lamulungu madzulo, ndipo si yowerenga ayi. Ndi yosankha. Titenge chitsanzo cha mtsikana wa Fomu 4 amene ali ndi zithunzi za masamu zambirimbiri m'foni ya mayi ake. Pa zonsezo asankhe mapepala atatu basi, lililonse la mafunso osaposa khumi, lokwanira mphindi 40. Chithunzi chilichonse achikuze ndi zala n'kuyang'anitsitsa, chifukwa kamera imadya tinthu ting'onoting'ono: mainasi imatha kuzimiririka mumthunzi wa dzanja la wojambula, ka 2 kapamwamba pa x² kamatha kuoneka ngati litsiro, 3 n'kusanduka 8, ndipo mzere womaliza wa funso umadulidwa pepala likapindika. Chithunzi chimene chadutsa m'mafoni ambiri chimakhala chitafooka kale, pakuti WhatsApp imachepetsa kulemera kwa zithunzi; ngati kuli kotheka, wotumiza apemphedwe kuti atumize posankha Document. Funso losawerengeka alisiye. Kutaya mphindi khumi pa samu imene kamera yaisokoneza kumangofooketsa munthu pachabe.

Kenako mayankho achoke pafupi. Ena amawatumiza kufoni ya mchimwene wawo n'kuwafufuta mwawo. Njira yodalirika kuposa zonse, makamaka kumene foni ndi yobwereka kapena batire silichedwa kutha, ndi kukopera mafunso m'kope ndi dzanja, foni n'kuibweza kwa mwini wake. Uthenga wa anzake sungamupezenso m'kope.

Lolemba alemba pepala loyamba, wotchi ili patsogolo, notsi zili m'chikwama. Agwiritse bolopeni, osati pensulo, ndipo akasokoneza angodula mzere umodzi kuti zolakwikazo zizionekabe. Zimenezi zili ndi chifukwa chake: nthawi yochonga adzafuna kuona pamene phazi linaterereka, ndipo chofufutira chimachotsa umboni. Pambali pa yankho lililonse aike kachizindikiro kosonyeza ngati akulikhulupirira kapena wangoponya. Funso limene lamukanika asalisiye lopanda kanthu. Alembe zimene wapatsidwa, zimene zikufunidwa, ndi sitepe yoyamba imene akuiganizira, kenako apitirire.

Nthawi ikatha, apume pang'ono, atenge bolopeni yofiira, ndiye mayankho abwere.

Apa ndi pamene ambiri amathamanga. Amachonga, amawerenga malikisi, 6 pa 10, n'kutseka kope. Komatu phindu lonse la tsikulo lili m'mafunso anayi olakwika aja. Tinene kuti limodzi mwa iwo linali 2x² − 5x − 3 = 0. Mtsikanayu anagawa bwinobwino n'kupeza (2x + 1)(x − 3) = 0, kenako analemba kuti x = 3 kapena x = ½. Pepala la mayankho likuti x = 3 kapena x = −½. Asanakhulupirire pepalalo, alowetse mayankho onse awiri m'samu muja, chifukwa mayankho oyenda pa foni nthawi zina amakhala olembedwa ndi wophunzira mnzake ndipo amalakwika. Akaika ½ apeza 0.5 − 2.5 − 3, zimene zikupereka −5, osati 0. Akaika −½ apeza 0.5 + 2.5 − 3, zimene zikupereka 0. Pepala lalondola, iye ndi amene waphonya. Zikanakhala kuti lake ndilo likukwana, funsolo akanalisunga kuti akafunse aphunzitsi.

Tsopano atembenuze kope, kumbuyo kwake kukhale kwa zolakwa zokhazokha. Pa cholakwa chilichonse alembe funso lonse, zimene iye analemba, ndi chifukwa chake m'mawu akeake. Mawu akuti "sindinasamale" ndi oletsedwa pano, chifukwa sauza munthu choti asinthe mawa. Chofunika ndi chiganizo chonga ichi: "Pa 2x + 1 = 0, posamutsa 1 kupita mbali inayo sindinasinthe chizindikiro." Yankho lolondola alilembe m'munsi mwenimweni mwa tsamba, pamalo poti angathe kuphimba ndi dzanja.

Cholakwa chimene pambali pake panali chizindikiro chakuti "ndikukhulupirira" achizungulize mzere. Brady Butterfield ndi Janet Metcalfe anaonetsa mu 2001 kuti munthu akalakwa pa chinthu chimene amachikhulupirira kwambiri, n'kuuzidwa yankho lenileni, amakonza msanga kusiyana ndi pamene anangoponya. Kudabwa kuja kumagwira maganizo. Wophunzira woyamba ndi mayankho sadabwa konse, chifukwa sanayambe wanenapo maganizo ake.

Lachiwiri sipakhala pepala latsopano. Ayambe ndi mafunso anayi aja, yankho ataliphimba, kenako atsegule buku pamutu wokhawo umene wamuvuta n'kuchita masamu awiri kapena atatu ofanana nawo. Lachitatu ndi pepala lachiwiri, mwanjira yomwe ija. Lachinayi abwereze zolakwa za masiku onse awiri, za Lolemba zomwe, ngakhale anazikhoza Lachiwiri. Kukhoza funso patangopita tsiku limodzi si umboni wokwanira, popeza yankho limakhala likadali m'maso.

Lachinayi lomwelo pali ntchito ina yofunika kuposa zonse: kuwerenga zifukwa zija motsatizana, kuyambira pamwamba mpaka pansi, ngati kuti analemba ndi munthu wina. Mtsikana wathu apeza izi. Lolemba anaphonya chizindikiro posamutsa 1. Tsiku lomwelo, pochotsa mabulaketi pa 5 − 2(x − 3), analemba 5 − 2x − 6 m'malo mwa 5 − 2x + 6. Lachitatu anapatsidwa 3x + 2y = 12 ndi 3x − y = 3; pochotsera samu yachiwiri ku yoyamba analemba y = 9, atatenga 2y − y, pamene zoona zake ndi 2y − (−y), kutanthauza 3y = 9, ndiye y = 3 ndi x = 2. M'buku imeneyi ndi mitu itatu yosiyana, yophunzitsidwa nthawi zosiyana. M'kope la zolakwa ndi nthenda imodzi: mainasi ikakumana ndi kusamutsa kapena mainasi inzake, iye amagwa. Asanaone zimenezi akanati aljebura yonse imamuvuta, n'kuyamba kuwerenga buku kuchokera tsamba loyamba. Tsopano mankhwala ake ndi theka la ola la masamu a nambala za mainasi a ku Fomu 1, ndi chizolowezi cholemba mabulaketi nthawi zonse pochotsera.

Si zolakwa zonse zili zamtundu umenewu, ndipo kuzisiyanitsa kumapulumutsa nthawi. Ngati chifukwa chili chakuti mutuwo sanauphunzirepo, kubwereza funso sikungathandize; pakufunika buku, mnzake wodziwa kapena aphunzitsi. Ngati anayankha chimene sichinafunsidwe, monga kupereka utali wozungulira malo pamene funso limafuna kukula kwa malowo, ayambe kudula mzere pansi pa mawu ofunika asanagwire samu. Ngati mafunso omaliza amasiyidwa tsiku lililonse, vuto ndi nthawi, ndipo aone funso limene limamudyera mphindi zambiri.

Lachisanu ndi pepala lachitatu. Malikisi ake asawayerekeze kwambiri ndi a Lolemba, chifukwa mapepala otoledwa m'malo osiyanasiyana salimba mofanana. 5 pa pepala lolimba akhoza kuposa 8 pa lofewa. Choyenera kuyang'ana ndi chakuti kodi zifukwa zakale zija zabweranso. Ngati walakwa zatsopano koma mainasi sinamugwetse, sabatayo yagwira ntchito.

Loweruka adzipangira mayeso ake: mafunso onse a m'kope la zolakwa, osakanizidwa kuti asatsatane monga analembedwera, pepala loyera, wotchi. Ndi bwino mng'ono wake kapena mnzake asankhe dongosolo la mafunsowo ndi kusunga kopelo mpaka amalize. Funso limene walikhoza Lachinayi ndi Loweruka lomwe alidule mzere. Limene lamugwetsanso lipite pamwamba pa tsamba la sabata yotsatira.

Njirayi ili ndi malire ake. Imayenda bwino pa masamu, fizikisi, kemisitiri ndi galamala, kumene yankho limadziwika ngati lili lolondola kapena ayi. Pa chimangirizo kapena mafunso ofotokoza a mbiri yakale, wophunzira akhoza kuwerenga mfundo zimene wasiya, koma kalembedwe kake kamafuna diso la mphunzitsi. Komanso pepala la mayankho lopereka nambala yomaliza yokha silimuonetsa njira, chonsecho pa masamu a mayeso njira nayonso imakhala ndi malikisi ake. Zikatero, mtsikana uja atenge kope lake Lolemba lotsatira, alitsegule patsamba limene pali mizere yake yodulidwa, awaonetse aphunzitsi sitepe yeniyeni imene anaimapo ndi kufunsa chotsatira chake.