Besitimani akamaseka dazi la mkwati

Pa maukwati ambiri a kuno kwathu, ntchito ya besitimani ndi ya manja kuposa ya pakamwa. Amasunga mphete, amakonza tayi ya mkwati ikapendekeka, amamupukuta thukuta, ndipo nthawi ya perekaniperekani amaima naye mpaka miyendo kuwawa. Zoyankhula timasiyira ankhoswe, makolo ndi wotsogolera mwambo. Ku Britain, kumene mwambo wa mawu a besitimani unazika mizu, zinthu n'zosiyana. Pa madyerero amayamba kuyankhula ndi bambo a mkwatibwi, kenako mkwati, ndipo besitimani amatsekera. Anthu amakhala akudikira kuti iyeyo awaseketse pofotokoza mnzakeyo. Masiku ano mwambowu ukumveka pa maukwati ena a m'tauni ku Lilongwe ndi ku Blantyre, komanso pakati pa abale athu okhala kunja.

Gawo limene limaseketsa kwambiri, komanso limene limalakwika msanga, ndi lofotokoza maonekedwe a mkwati. Chifukwa chake n'chakuti nkhani ya kusukulu kapena ya kuntchito amaidziwa ndi anthu ochepa, koma nkhope ya mkwati aliyense akuiona. Besitimani akangotchula ndevu, maso onse a m'holo amatembenukira pa ndevuzo. Nthabwala imafika nthawi yomweyo, ndipo ngati ili ndi minga, imabayanso nthawi yomweyo, pamaso pa apongozi.

Chipongwe cha chikondi si chachilendo kwa ife. Asuweni amanyozana mosekesa, munthu ndi mlamu wake amaponyerana mawu, ndipo palibe amakwiya chifukwa onse amadziwa ubale umene ukuloleza zimenezo. Vuto la besitimani ndi lakuti ufulu umenewu ali nawo kwa mkwati yekha. M'holomo muli akuchikazi amene mwina akumuona koyamba, muli abusa, muli agogo. Choncho ayenera kuyamba wawaonetsa kuti amamukonda munthuyo, asanayambe kumuseka.

Tiyerekeze mkwati wamtali, wowonda, amene dazi linamuyamba adakali mnyamata, koma amasamala ndevu zake kwambiri. Besitimani, atapereka ulemu kwa ankhoswe ndi makolo a mbali zonse, angayankhule motere:

“Makolo athu akuchikazi, ndikufuna ndikutsimikizireni kuti mwalandira mkamwini wosabisa kanthu. Ngakhale pamutu pake mukuona nokha, zonse zili poyera. Ine achimwenewa ndinawadziwa tsitsi lilipo. Silinathawe ayi, linangosamuka, kuchoka kumtunda kukakhala kuchibwano, ndipo kumeneko akulisamala kwambiri moti lero tinatsala pang'ono kuchedwa kutchalitchi chifukwa cha chipeso. Za msinkhu sindinenapo zambiri. Alamu athu, kuyambira lero babu ikapsa musabwerekenso mpando kwa aneba. Koma chimene ndikufuna muone ndi mapewa awa. Akuoneka owonda, koma bambo anga atamwalira, ndi mapewa amenewa amene anasenza bokosi, ndipo ndi pomwepa pamene ine ndinalirira. Alamu, mwasankha bwino.”

Ndime imeneyi siposa mphindi imodzi, ndipo ndi muyeso wabwino. Mawu onse a besitimani asapitirire mphindi zisanu, chifukwa pulogalamu ya ukwati wa kwathu imakhala yodzaza kale, ndipo anthu a perekaniperekani akudikira. Za maonekedwe zikatenga nthawi yaitali, anthu amayamba kumva ngati mkwati akuzengedwa mlandu.

Taonani mmene ndimeyo yaumbidwira. Besitimani wasankha zinthu zitatu zokha: dazi, ndevu ndi msinkhu. Chilichonse wachimangirira ku khalidwe labwino kapena ku phindu la m'banja. Dazi lakhala chizindikiro cha munthu wosabisa, ndevu zaonetsa munthu wodzisamala, kutalika kwasanduka thandizo la pakhomo. Palibe pamene wanena kuti mkwati ndi wonyansa, kapena kuti mkwatibwi waluza. Kenako, anthu ali m'kati moseka, watembenuzira nkhani ku mapewa, chiwalo chomwecho cha thupi, n'kunena chinthu chenicheni chimene mnzakeyo anamuchitira. Akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Makolo a mtsikana akuona suti ndi nsapato zonyezimira, koma funso lili mumtima mwawo ndi la zam'kati. Besitimani wabwino amayambira pa zimene maso akuona kuti akafike poyankha funso limenelo.

Nanga adziwa bwanji choyenera kuseka? Muyeso woyamba ndi wakuti chikhale chinthu chimene mkwati mwini amadziseka nacho pagulu. Pali amuna amene dazi lawo amalinyadira, koma pali ena amene savula chipewa chifukwa cha manyazi. Kwa oyambawo nthabwala ya dazi ndi mphatso, kwa achiwiriwo ndi bala. Zinthu zimene munthu anachita kusankha yekha, monga ndevu, kametedwe, kavalidwe, kapena kuyenda monyang'wa akavala nsapato zatsopano, n'zotetezeka kuposa zimene anabadwa nazo. Njira yosavuta ndi kumufunsa mkwati kudakali masiku, ndi kuwerengera ndimeyo munthu mmodzi wamkulu, monga nkhoswe kapena azakhali. Wamkuluyo akachita tsinya, chiganizo chimenecho chichotsedwe popanda kukambirana.

Pali zina zosayenera kukhudzidwa n'komwe. Khungu la munthu, kaya ndi lakuda bii, loyera kapena lachialubino, si nkhani ya pa maikolofoni. Chimodzimodzi ulumali, chibwibwi, zipsera, ndi kuwonda kapena kunenepa kumene kungakhale kwa matenda, chifukwa m'holo simulephera anthu amene angayambe kunong'onezana. Kufanizira nkhope ya mkwati ndi mtundu wake, kapena kufunsa moseka kuti anafanana ndi ndani poti bambo ake sali choncho, kumanyoza banja lonse, makamaka mayi ake amene akhala kutsogolo. Ngakhale dazi lenilenilo lili ndi malire. Anthu amakonda kunena kuti dazi ndi chuma, koma mu 2017 apolisi a ku Mozambique anachenjeza amuna adazi pambuyo poti ena anaphedwa m'boma la Milange, kufupi ndi malire a Mulanje, chifukwa cha chikhulupiriro chabodza chakuti m'mitu mwawo muli golide. Nthabwala ya golide wa m'mutu ndi yoyenera kuisiya.

Ali chiimire, besitimani aziwerenga nkhope. Ngati akuseka ndi anyamata a tebulo limodzi okha, kwinaku mbali ya makolo ili zii, ndiye kuti nthabwalayo ndi ya pabawo, siinayenere kufika m'holo. Mkwati akaweramitsa mutu n'kumaseweretsa mphete, kapena mkwatibwi akasiya kumwetulira n'kumamuyang'ana mwamuna wake momumvera chisoni, nthabwala yotsatira isanenedwenso. Alumphire pa mawu oyamikira. Chizindikiro chakuti zayenda ndi pamene mkwati akuseka yekha mpaka kudzisisita pamutu, amayi akuchikazi n'kuimba nthungululu.

Mayankhulidwe nawo ndi ofunika. Kunja angamaitanane “iwe” ndi maina a chibwana, koma pamaso pa apongozi mkwati ndi “achimwene” kapena “akulu awa”, ndipo mkwatibwi ndi “alamu”. Ulemu umenewu suchepetsa nthabwala. Umaiwonjezera mphamvu, chifukwa kunena za dazi ndi mawu aulemu chotero n'kumene kumaseketsa agogo ndi achinyamata pamodzi. Ndipo ngati anthu ambiri m'holomo amamva bwino Chichewa, ndimeyi inenedwe m'Chichewa, kuti amayi ake a mkwati amve okha kuti mwana wawo akusekedwa ndi munthu womukonda.