Vidiyo yoitanira anthu ntchito isabise kuwawa kwa ntchitoyo

Pa tsiku limene makampani amakumana ndi ophunzira ofuna ntchito, holo imadzaza ndi matebulo, ndipo pafupifupi tebulo lililonse limakhala ndi sikirini yoonetsa vidiyo. Zoonetsedwazo zimafanana ngati ana amapasa: anyamata ndi atsikana ovala bwino akumwetulira, nyimbo yokoma ikulira chapansipansi, bwana wamkulu akunena kuti pakampani pawo onse ndi banja limodzi. Wophunzira amaonera mpaka pamapeto, koma amachokapo osadziwa kuti ntchito imayamba nthawi yanji, amene adzamuyang'anire ndani, kapena chimene chimatopetsa kwambiri ndi chiyani.

Vuto limeneli silinayambe lero. Mu 1973, katswiri wina wa ku America, John Wanous, anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita pakampani ya matelefoni ya Southern New England Telephone. Amayi pafupifupi 80 ofuna ntchito yolumikiza mafoni anagawidwa pawiri. Ena anaonera filimu yotamanda ntchitoyo monga mwa nthawi zonse. Ena anaonera filimu yonena zokoma ndi zowawa zomwe: kuti ntchitoyo ndi yobwerezabwereza, kuti oyang'anira amakhala pamsana nthawi zonse, ndi kuti munthu amadzudzulidwa akalakwa koma sayamikiridwa kawirikawiri akachita bwino. Filimu yachiwiriyi sinathawitse anthu, chifukwa magulu onse awiri anavomera ntchito pafupifupi mofanana. Kusiyana kunaoneka atayamba ntchito, pamene oonera filimu yoona ija sankaganiza kwambiri zosiya ngati anzawo aja.

Mu 1985, Steven Premack ndi Wanous yemweyo anaphatikiza zotsatira za kafukufuku 21 wa mtunduwu ndipo anapeza kuti njirayi imachepetsadi kusiya ntchito, koma pang'ono chabe. Ndi bwino kunena zimenezi poyera. Vidiyo siingakonze malipiro ochepa kapena bwana wankhanza. Chimene ingathe ndi kuchotsa kudzidzimuka kwa sabata yoyamba, pamene munthu amazindikira kuti anamunamiza.

Tiyerekeze kampani ya mafoni imene ikufuna achinyamata oyankha makasitomala pa lamya, ndipo yalamula vidiyo ya mphindi zitatu. Wolemba wodziwa ntchito yake sayamba ndi cholembera. Amapita kaye ku ofesi yolemba antchito kukafunsa chimene anthu osiya m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba amadandaula nacho potsanzika. Kenako amakhala tsiku lathunthu m'chipinda choyankhira mafoni, kuyambira pamene shifiti yam'mawa ikulowa. Akamatuluka amakhala ndi zovuta ziwiri kapena zitatu zenizeni, mwachitsanzo mashifiti a usiku ndi Lamlungu, makasitomala olalata chifukwa ndalama zawo zalowera ku nambala yolakwika, ndi kompyuta imene imawerengera kutalika kwa foni iliyonse. Zimenezi ndizo msana wa vidiyo yonse.

Pepala lolembapo limagawidwa pakati, kumanzere zooneka, kumanja zomveka. Koma mbali yakumanja, pamene pali wantchito woyankhula, sipalembedwa mawu oti aloweze. Pamalembedwa funso. Apa ndi pamene mavidiyo ambiri amafera, chifukwa munthu wolakatula mawu a manijala amadziwika msanga: maso amathawira kumbali kufuna pepala, ndipo pakamwa pamatuluka mawu amene sangawanene kwa mnzake m'minibasi. Funso lakenso likhale lofuna nkhani. Munthu akafunsidwa ngati amaikonda ntchito yake, amangoti inde. Akafunsidwa kuti afotokoze foni yovuta imene analandira sabata yatha, kapena chimene akanakonda kuuzidwa asanasaine kalata ya ntchito, amayamba kukumbukira, amayima pang'ono, amaseka, ndipo kuyimako n'kumene woonera amakukhulupirira. Pojambula, bwana wake asakhale m'chipindamo. Wantchito auzidwe kuti akhoza kukana kujambulidwa popanda chomuchitikira, komanso kuti adzaonera mbali yake vidiyo isanatuluke.

Mphindi zitatuzo zingagawidwe motere. Masekondi 20 oyamba aonetse chipinda monga chilili, phokoso la mafoni likumveka, popanda nyimbo, ndipo pasikirini palembedwe dzina la ntchitoyo ndi maola a shifiti. Mphindi yotsatira itsate wantchito mmodzi, kuyambira pamene akuvala mahedifoni mpaka nthawi yopuma. Chovuta chilowe pakati, kwa masekondi 40 kapena 50. Mtsikana afotokoze m'mawu ake za tsiku limene kasitomala anamutukwana mpaka misozi kulengeza, kenako kamera ionetse chimene chimachitika zikatere, monga woyang'anira kulanda foniyo ndi kumulola kutuluka kukapuma. Chovuta chilichonse chiyende limodzi ndi mmene anthu amachipiririra, pakuti kungoonetsa zowawa popanda chothandiza n'kuopseza chabe, ndipo nakonso si chithunzi chonse cha ntchitoyo. Ngati kampaniyo ilibe chothandiza chilichonse, wolemba asachipeke. Abwerere kwa akuluakulu akawauze kuti pali chofunika kukonza kamera isanabwere.

Zabwino nazo zinenedwe, koma zikhale zoti munthu angathe kuzitsimikiza. Mawu oti pali mwayi wokwera pantchito ndi malonda. Mnyamata wonena kuti anayamba poyankha mafoni, ndipo patatha zaka zitatu anayamba kuphunzitsa atsopano, wapereka chinthu chogwirika, bola asasankhidwe munthu mmodzi yekhayo amene zinamuyendera pakati pa mazana. Masekondi 30 omaliza akhale a zimene wophunzira wabwerera: satifiketi yofunika, kutalika kwa maphunziro oyambira ndi nthawi yoyesedwa, ngati pali galimoto yotengera a shifiti yausiku, ndi kumene kalata ipite. Za malipiro makampani ambiri amazemba, pomwe ndilo funso loyamba mumtima mwa aliyense woonera. Ngati akuluakulu akana kutchula ngakhale poyambira, vidiyo inene nthawi imene munthu adzauzidwe, monga pa intaviyu yoyamba.

M'holo mumakhala phokoso, choncho mawu onse alembedwenso m'munsi mwa chithunzi, zilembo zake zikuluzikulu zowerengeka munthu ataima patali. Wantchito ayankhule chiyankhulo chimene amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Ngati amayankha makasitomala m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, kumukakamiza Chingerezi pamaso pa kamera kumamuumitsa thupi.

Nkhondo yaikulu imadza pa nthawi yovomereza. A zotsatsa malonda akaona misozi ija amafuna ichotsedwe, bwana wamkulu amafuna kutsegula vidiyo ndi malonje, ndipo pang'onopang'ono zonse zimabwerera ku kumwetulira kuja. Wolemba wochenjera amagwirizana ndi akuluakulu asanajambule kuti zovuta zija zidzakhalamo, ndipo mgwirizanowo umalembedwa. Vidiyo ikalumikizidwa, ionetsedwe kwa antchito asanu kapena asanu ndi mmodzi amene atha miyezi ingapo pantchitoyo koma sanajambulidwe nawo, bwana palibe. Afunsidwe chimene chasiyidwa ndi chimene chakometsedwa mopitirira. Akaseka pamalo osaseketsa, pamenepo pali bodza, ndipo pafunika kudula kapena kujambulanso. Ionetsedwenso kwa ophunzira angapo, afotokoze tsiku la ntchito monga alimvera, kuti zioneke ngati zikufanana ndi zenizeni. Pamapeto pake palembedwe mwezi ndi chaka chimene inajambulidwa, ndipo mashifiti kapena zofunika polemba ntchito zikasintha, mbali imeneyo ijambulidwenso tsiku lina lokumana ndi ophunzira lisanafike.