Kuika munthu m'chithunzi chomwe sanajambulidwemo

Pa chithunzi cha ukwati, achibale onse aima pamzere muholo, koma achimwene ake a mkwati kulibe chifukwa ali ku Joni. Banja likupempha wa situdiyo kuti awaikemo, ndipo latumiza chithunzi chawo chojambulidwa ndi foni. Kudula munthuyo ndi kumuimika kumapeto kwa mzere ndi ntchito ya mphindi zochepa pa Photoshop kapena GIMP. Koma chithunzicho chikatuluka, ngakhale mwana amaloza kuti awa achita kumatidwa, ngakhale sangathe kunena chomwe chalakwika.

Chomwe diso laona n'chakuti makamera awiri asiya zizindikiro zosiyana. Kamera iliyonse, pa nthawi yomwe yajambula, imasiya zinthu zitatu paliponse m'chithunzi: mtundu wa kuwala komwe kunalipo, kuthwa kwa m'mphepete mwa zinthu, ndi timadontho tosaoneka patali. Ntchito ya katswiri ndi kuchotsa zizindikiro za foni pa munthu woikidwayo ndi kumuveka za kamera ya muholo. Kawirikawiri zimenezi zimatanthauza kuchepetsa dala ubwino wa chithunzi chake. Ndi zomwe anachita akatswiri a Industrial Light & Magic pa filimu ya Forrest Gump ya 1994. Poika Tom Hanks pambali pa Pulezidenti John F. Kennedy m'makanema akale, zithunzi zatsopanozo anazikalambitsa kuti zifanane ndi zakalezo.

Tiyerekeze kuti chithunzi cha ukwaticho chinajambulidwa madzulo, mababu achikasu akuyaka, kamera ili pa ISO 3200, pomwe achimwenewo anajambulidwa masana pamthunzi wa nyumba. Kuwala kwa babu lachikasu kumakhala pafupi ndi makelevini 2700 mpaka 3000, kwa dzuwa la masana pafupi ndi 5500, ndipo kwa pamthunzi kumapitirira 7000 n'kupendekera kubuluu. N'chifukwa chake malaya oyera a anthu a muholo akuoneka ngati a kirimu, a achimwene ngati oviikidwa m'buluu.

Pano diso silodalirika, chifukwa limazolowera msanga mtundu uliwonse. Chodalirika ndi manambala. Pikiselo iliyonse ili ndi manambala atatu, R wa kufiira, G wa girini ndi B wa buluu, kuchokera pa 0 kufika pa 255. Wokonza amatenga chida cha Eyedropper, n'kuchiika pa 5 by 5 Average kuti kadontho kamodzi kasamusocheretse, n'kuyeza malaya oyera a munthu woima pafupi ndi malo a mlendoyo. Tinene kuti wapeza 232, 214, 178, pomwe malaya a achimwene akupereka 238, 242, 250. Kusiyana kwakukulu kuli pa B: 250 ayenera kutsika kufika cha pa 178, ndipo G atsike pang'ono. Izi zimachitika ndi Curves, mtundu umodziumodzi, pa leya ya munthu woikidwayo yokha.

Ambiri amalekera pomwepa, osayeza mdima. Foni imakonda kudetsa zakuda mpaka bii, moti jekete la achimwene lingapereke 6, 6, 9, pomwe majekete akuda a muholo ali pa 34, 28, 24. Ngati chinthu chakuda koposa m'chithunzi chonse chili pa thupi la mlendo, iye amaoneka ngati wayandama patsogolo pa anzake. Choncho mdima wake uyenera kukwezedwa kufika pa manambala a anzakewo. Kuyera ndi kuda zikagwirizana, khungu limangofunika kukonzedwa pang'ono. Khungu siliyenera kukhala poyambira, poti anthu a banja limodzi amasiyana maonekedwe.

Kenako pamabwera kuthwa. Chithunzi cha foni chinali cha munthu mmodzi, ndiye nkhope yake inali yaikulu, mwina mapikiselo 900 kutalika. Pa mzere wa anthu ambiri nkhope iliyonse ili ndi 300 okha. Kuchepetsa chithunzi kumachithwetsa, komanso foni inali itathwetsa kale m'mphepete mwa zinthu payokha, n'kusiya kamzere koyera kozungulira kolala ndi makutu. Njira yoyezera ndi kukulitsa chithunzi pa sikirini mpaka mapikiselo aoneke, n'kuwerenga kuti kuchoka pa kuyera kwa kolala kufika pa khungu la khosi pakudutsa mapikiselo angati. Ngati kwa woima pafupi ndi anayi koma kwa achimwene ndi imodzi, wokonza amaika Gaussian Blur, kuyambira pa 0.5, n'kumakweza pang'onopang'ono mpaka makolala awiriwo afanane. Nthawi zambiri safika kutali ndi 1. Mzere womwe anadulira munthuyo nawonso ufewetsedwe mofanana, apo ayi umaoneka ngati wodulidwa ndi lezala. Woyerekeza naye akhale munthu woima pa mzere womwewo, chifukwa lenzi siithwetsa mofanana a kutsogolo ndi a kumbuyo.

Timadontho timabwera pomaliza, ndipo pali chifukwa chake: mukatiika poyamba, Gaussian Blur imatifafaniza. Kamera ikamajambula mumdima pa ISO yokwera, imakweza mphamvu ya kuwala kochepa komwe yalandira, ndipo chithunzi chimadzaza ndi timadontho. Pa kamera zamakono timaoneka kwambiri m'malo amdima, ndipo pansi pa babu lachikasu timachuluka mu B, popeza kuwala kwa buluu kumakhala kochepa. Nkhope ya achimwene ilibe timadontho, poti inajambulidwa powala, foni inaisalaza, ndipo kuichepetsa kwaisalazanso.

Wokonza amapanga leya yatsopano pamwamba pa munthuyo, n'kuidzaza ndi 50% Gray, n'kuiika pa Overlay, n'kuimangirira kwa munthuyo yekha ndi Create Clipping Mask. Pa leyayo amaika Add Noise, n'kusankha Gaussian, kuyambira pa 3% kapena 4%. Ngati timadontho ta muholo tili ndi mitundu, kufiira apa girini apo, bokosi la Monochromatic lisachongedwe. Timadontho ta kompyuta timakhala ta pikiselo imodzi, touma, pomwe ta kamera n'tokulirapo ndi tofewa, ndiye leyayo imafunika Gaussian Blur ya 0.3 mpaka 0.5. Kukula kwa timadontho kukalakwika, kuchuluka kwake sikuthandiza.

Poyesa ngati ntchito yatheka, wokonza amaika Curves ya kanthawi pamwamba pa zonse, n'kuikokomeza mpaka chithunzi chinyanse. Kusiyana komwe kunabisala kumatulukira poyera: mlendo amasanduka wa mtundu wina, kapena amasalala pakati pa anthu odzaza timadontho. Akatero amatsegula Channels n'kuona R, G ndi B paokhapaokha, makamaka B. Ngati m'zonsezo munthuyo sakudziwika kuti ndi wobwera, leya yoyeserayo imachotsedwa ndipo chithunzi chimasungidwa kamodzi ngati JPEG.

Pali zina zomwe njira zitatuzi sizingakonze. Ngati kuwala kwa muholo kukuchokera kudenga koma pa nkhope ya achimwene kukuchokera kumbali, mithunzi ya mphuno ndi chibwano idzatsutsana ndi ya anzawo. Ngati chithunzi chawo chadutsa pa WhatsApp kangapo n'kufewa kuposa cha ukwati, kuthwa komwe kunatayika sikubwerera, ndipo chotsala ndi kufewetsa chithunzi chonse, zomwe akwati sangakondwere nazo. Zikatero wa situdiyo wodziwa ntchito amapempha chithunzi china: achimwenewo ajambulidwe m'nyumba madzulo, pansi pa babu lachikasu, wojambula ataima chapatali foni ili pa msinkhu wa maso, ndipo atumize ngati Document kuti chisachepetsedwe panjira.